Ndalemba madandaulo a anthu m'kope kwa masabata atatu, tsopano ndisankhe liti?

MwanaWaKatete
Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi anzanga. Ndimakhala ku Chawama, kuno ku Lusaka. Mapeto a mwezi uno ndi nthawi yanga yolandira chilimba, ndipo ndikuyembekeza K4,000. Sindikufuna kuti ithere pa ufa ndi lendi ngati ya chaka chatha. Sindikufunanso kutsegula kantemba, chifukwa mumsewu wathu wokha muli tintemba tinayi, tonse tikugulitsa shuga, sopo ndi mafuta omwewo.

Mlamu wanga anandilangiza kuti ndizilemba chilichonse chimene anthu akudandaula. Ndinagula kope, ndipo kwa masabata atatu ndakhala ndikulemba zimene ndikumva m'minibasi, pampopi, ku tchalitchi ndi kumsika komwe ndimathandiza azakhali anga kugulitsa ndiwo. Dandaulo likabwerezedwa ndimaika kamzere pambali pake. Kuzima kwa magetsi kuli ndi timizere 23. Zinyalala zosachotsedwa 15. Madzi kusowa pampopi 12. Amayi a matimati kudandaula za ulendo wokapikula ku msika waukulu wa Soweto 9. Kusowa womusiyira mwana 6. Zina ndi zing'onozing'ono, monga kusowa chenji ndi kukapeza pakanyumba kotumizira ndalama alibe ndalama yokupatsa.

Mlamu wangayo akuti nditenge chimene chili ndi timizere tambiri basi. Koma ine mtima sukukhazikika. Magetsi ndingawakonze ine ndi K4,000? Amene munayesapo njira imeneyi, ndithandizeni, munasankha bwanji?

KabazaWaMzinda
Nkhani yake yadziyankha yokha apa. Magetsi. Gulani sola ndi batire, muzitchaja mafoni. Foni iliyonse K3, tsiku lililonse muli ndi ndalama m'manja.

WaPaMatero
Achemwali, musathamangire zimenezo musanamve zanga. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, kwathu ku Matero magetsi ankabwera maola ochepa chabe, nthawi zambiri usiku anthu ali m'tulo. Ndinagula sola, batire ndi zingwe, zonse pamodzi K3,600. Miyezi iwiri yoyamba ndinkatchaja mafoni 25 mpaka 30 patsiku. Ndinkaona ngati ndatola chikwama.

Mwezi wachitatu wometa tsitsi wa pafupi nane anagula jenereta, n'kumatchajira ulere aliyense wobwera kudzameta. Wa pakanyumba ka ndalama anayambanso, K2. Kenako makasitomala anga okhulupirika, aja anali ndi kandalama pang'ono, anagula timabatire tonyamula m'thumba tija ku Kamwala. Ndinatsala ndi mafoni 8 patsiku. Batire nayo inayamba kufooka chifukwa ndinkaikama mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku. Foni imodzi inasowa pathebulo ndili kumbuyo, ndinalipira K900. Nditawerengera zonse, ndalama yanga inabwerera koma phindu linali losaoneka.

Dandaulo limene aliyense akulimva, aliyensenso akuliganizira bizinesi yomweyo. Inu mukamagula sola, anthu khumi a mumsewu wanu akugulanso.

KabazaWaMzinda
Koma ndalama inabwerera, achimwene, simunaluze. Ndipo sola munatsala nayo. Vuto lanu linali malo, munali pakati pa anthu ambiri ochita zomwezo.

MalumeWaKuSoweto
Mwana wanga MwanaWaKatete, kope lakolo ndi labwino, usalitaye. Ine ndagwira ntchito yonyamula katundu wa amalonda ku Soweto zaka zoposa 20, ndinayamba ndi wilibala, pano ndili ndi kanta imodzi, lole yaing'ono. Ndikuuze pomwe kope lako laperewera.

Timizere tikukuuza kuti anthu amalankhula kangati. Sitikukuuza kuti amatulutsa ndalama kangati. Munthu amatha kudandaula za magetsi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma ukamufunsa kuti ndiye munatani, akuyankha kuti tinangogona. Amene wangogonayo sadzakupatsa ngakhale ngwee imodzi. Wina amadandaula kamodzi kokha pasabata, koma ukamufunsa akuti ndinalipira mnyamata K20 kuti andithandize. Ameneyo ndiye kasitomala wako, chifukwa ndalama ikutuluka kale m'thumba mwake, ikungopita kwa munthu amene sakumuthandiza bwino.

Choncho bwerera kwa anthu omwewo. Usawafunse kuti kodi nditayambitsa chakutichakuti mungamalipire. Aliyense adzavomera kuti akusangalatse, makamaka anansi ndi a ku tchalitchi. Uwafunse za zimene zinachitika kale. Tsiku lomaliza limene vutoli linakugwerani ndi liti? Munatani? Munalipira zingati, ndipo munalipira yani? Zimachitika kangati pasabata? Lemba mayankho amenewo pansi pa dandaulo lililonse, ndi manambala ake.

Uonetsetsenso kuti wodandaulayo ndi yemwe amagwira ndalama. Mwana wasukulu akhoza kudandaula za kutunga madzi tsiku lililonse, koma wolipira ndi mayi ake, ndipo kwa mayiyo madzi akubwera aulere chifukwa mwana alipo.

Ukachita zimenezi sabata imodzi uona mndandanda wako ukutembenuka. Zapamwamba zina zitsika, zapansi zikwera. Ine maso anga ali pa amayi a matimatiwo, koma sindinena zambiri mpaka ubwere ndi manambala.

Chisomo_Garden
Ngati ndalama ndi yochepa musatenge kaloba chonde. Mchemwali wanga anatenga K2,000 kuti abweze K3,000 pamwezi, mpaka anamulanda filiji. Bola mupemphe kwa abale.

MwanaWaKatete
Zikomo Chisomo, koma sindikubwereka. Ndi ndalama yanga ya chilimba. Funso langa ndi la kusankha chochita. Amalume, ndamva, ndiyamba mawa lomwe.

NaBanda_Kanyama
Mawu a amalumewo ndikanawamva zaka zitatu zapitazo ndikanapulumutsa ndalama zanga. Ine ndinagwa pa zinyalala. Kuno ku Kanyama mvula ikagwa madzi amadzaza m'misewu, ngalande zimatsekeka ndi mapepala apulasitiki, ndipo palibe nyumba imene simva kudandaula. Ndinayenda khomo ndi khomo, nyumba 60, kufunsa ngati angamalipire K30 pamwezi kuti anyamata azidzatenga zinyalala kawiri pasabata. Nyumba 52 zinavomera. Ndinagula mawilibala awiri, mafosholo, magolovesi ndi masaka, ndinalemba anyamata awiri.

Mapeto a mwezi woyamba zinalipira nyumba 17. Enawo ankati bwerani mawa, bambo sanalandire. Pabwalo limodzi pamakhala mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi a lendi, aliyense akuti alipire mwini nyumba, mwini nyumba akukhala ku Chilenje, akuti zinyalala si zake. Chimene sindinafunse ndi chomwe amalume anenachi, kuti panopa mumatani nazo. Yankho lake linali loti ena amakwirira kuseri, ena amatentha, ena amatuma mwana akataye mungalande kukada. Zonsezo n'zaulere. Ine ndimapikisana ndi chinthu chaulere.

Chinanso, zinyalala ukatolera uyenera kukhala ndi kozipititsa. Kotayira kwa mzinda kuli ku Chunga, kumpoto, kutali ndi kuno, wilibala singafike. Ndinkalipira lole, ndipo ndalama yonse ya nyumba 17 inkathera pomwepo. Ndinadzamvanso mochedwa kuti ntchito imeneyi imafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo madera anagawidwa kale kwa makampani ndi magulu a m'makomboni. Ndinasiya pa mwezi wachitatu.

MphunzitsiWaMtendere
Pepani mayi NaBanda, koma sindikuvomereza kuti anthu salipira za zinyalala. Kwathu ku Mtendere timalipira mwezi ndi mwezi. Ndipo kolera ya kumapeto kwa 2023 itakula, mpaka odwala kumawagoneka ku Heroes Stadium, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mu Januwale 2024, anthu ambiri anasintha maganizo. Mwina munangoyamba nthawi yolakwika.

NaBanda_Kanyama
Aphunzitsi, mumsewu wanu okhalamo ambiri ndi eni nyumba kapena a lendi? Kusiyana kuli pamenepo. Ndipo nthawi ya kolera anthu anachita mantha, inde, koma mantha anatha ndi mvula. Pofika Juni ngalande zinadzazanso.

MphunzitsiWaMtendere
Ambiri ndi eni, zoona. Koma ndikuonabe kuti pabwalo la lendi njira ilipo, ndalamayo izilowa mu lendi momwemo.

MnyamataWaChipata
Popeza tikukamba madandaulo, langa ndi ili. Amayi akanditumizira thumba la nsawawa kapena ufa kuchokera kumudzi, ndimataya tsiku lonse ku Intercity kudikira basi imene sindikudziwa kuti ifika nthawi yanji. Bwanji wina asayambe kumatilandirira katundu n'kutibweretsera kunyumba?

WaPaMatero
Iwe mwayi uli nawo, amakutumizira. Ife kumudzi chaka chino ndiwo akutipempha ufa. Kodi ku Kulamba mupita? Tikusonkha anthu a basi yopita ku Mkaika mu Ogasiti, malo alipo asanu.

Chisomo_Garden
Ndisungireni awiri, ine ndi amayi. Tinyamuka Lachinayi kapena Lachisanu?

KabazaWaMzinda
Lachisanu m'mamawa, tikagone ku Katete. Chaka chatha tinanyamuka mochedwa, tinawoloka mlatho wa Luangwa kutada.

MalumeWaKuSoweto
Za Kulamba muyambitse nkhani yake payokha, ana inu, mwanayu akudikira thandizo. Koma MnyamataWaChipata, dzifunse wekha funso lomwe lija. Amakutumizira kangati pachaka?

MnyamataWaChipata
Katatu kapena kanayi, makamaka akakolola.

MalumeWaKuSoweto
Ndiye wokulandirira katunduyo afunika anthu mazana onga iwe kuti adye mwezi uliwonse, ndipo onse amatumiziridwa nyengo imodzi. Vuto ndi lenileni, koma limabwera patalipatali.

MwanaWaKatete
Ndabwerako, patha masiku asanu ndi atatu. Amalume munanena zoona, mndandanda watembenuka.

Pa magetsi ndinafunsa anthu 14. Ambiri akuti amatchajira kuntchito kapena kwa mnansi, kuphika amaphikira pambaula monga kale. Amene amataya ndalama zenizeni ndi awiri okha, wogulitsa nkhuku zokonzakonza ndi wowotcherera zitsulo, ndipo vuto lawo likufuna makina a ndalama zambiri kuposa zanga. Pa madzi, alipo kale anyamata okankha zigubu, ndipo palibe amene anawadandaula iwowo. Pa ana, amayi anayi mwa asanu ndi mmodzi amasiyira agogo kapena mnansi osalipira.

Amayi a matimati ndiwo anandikhazika pansi n'kundiwerengera okha, osawakakamiza. Pamsika wathu alipo 11 amene amapita ku Soweto katatu pasabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Amanyamuka cha m'ma 4 koloko m'mawa. Aliyense amagula mabokosi awiri mpaka anayi. Akagula amalipira wawilibala K5 pa bokosi kuti afike pokwerera. Kondakitala amafuna K10 pa bokosi, nthawi zina amakana kunyamula ngati basi yadzaza anthu opita kuntchito, ndiye mayi amaima ndi katundu wake ola lathunthu. Akatsika amalipiranso K5 kuti bokosi lifike pathebulo. Yonse pamodzi K20 pa bokosi, kupatula mtengo wa mpando wa mwiniwake. Chimene chimawapweteka kwambiri n'chakuti mabokosi amapanikizidwa pansi pa mipando kapena kusanjikizidwa mosasamala, matimati apamwamba amaphwanyika. Azakhali anga akuti pa bokosi lililonse amataya milu iwiri kapena itatu ya K5.

Maganizo anga ndi awa. Ndizipita ine ndekha ku Soweto, ndiwagulire onse, ndibwereke galimoto, ndiwabweretsere pamsika. Iwo azigona mpaka kucha. Mukuona bwanji?

MalumeWaKuSoweto
Eya, tsopano tili ndi pokambira. Taona, dandaulo la timizere 9 lokha, koma anthu ake akudziwika ndi maina, ali malo amodzi, vuto likuwagwera katatu sabata iliyonse chaka chonse, ndipo akulipira kale. Tiye tiwerenge.

Kanta yaing'ono kuchokera ku Soweto kufika ku Chawama m'mawa, ulendo umodzi, ine ndingakuuze K350. Wina akhoza kutsika kapena kukwera malinga ndi mtengo wa dizilo mwezi umenewo. Mnyamata wokweza ndi kutsitsa, K50. Iwe mwini basi yopitira ndi ya foni, K30. Ulendo umodzi ukudya K430, kaya wanyamula mabokosi 10 kaya 40. Chinthu choyamba kuchidziwa ndi chimenechi: ndalama yotuluka ndi yokhazikika, yolowa ndiyo imasinthasintha.

Ukati K18 pa bokosi, kuti uwachotsereko K2 pa K20 yawo ija, ufunika mabokosi 24 kuti ungobweza K430. Bokosi la 25 ndilo loyamba kukupatsa phindu. Amayi onse 11 atabwera, aliyense ndi mabokosi atatu, ndi 33, ndiye K594, phindu K164. Koma onse sadzabwera tsiku limodzi. Wina wadwala, wina ali kumaliro, wina matimati a Lolemba sanathe. Werengera mabokosi 30: K540 kuchotsa K430, yatsala K110. Katatu pasabata, masabata anayi, ndi K1,320 pamwezi. Si chuma, koma ntchito yatha isanakwane 9 koloko ndipo sunagule chilichonse chimene chingakuwolere.

K4,000 yakoyo usagulire chinthu. Patula K2,600 ya maulendo asanu ndi limodzi, masabata awiri, uyese. Yotsalayo isunge. Ukaona kuti pa ulendo wachinayi mabokosi sakufika 20, siya, wataya pang'ono.

Koma za kuwagulira matimatizo ndikukayika. Alipo mayi wamalonda pagulu pano ayankhe yekha.

MayiWaMatimati
Ndilipo, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndimagulitsa ku Mandevu, zaka 12 tsopano. Mwana wanga, kugula usakuyerekeze n'komwe. Bokosi la matimati limanama. Pamwamba amaika akuluakulu ofiira bwino, pakati pali ang'onoang'ono ndi obooka ndi mbozi. Ine ndimalowetsa dzanja m'mbali, ndimanunkhiza, ndimasankha osapsa kwambiri ngati ndikudziwa kuti ndigulitsa masiku awiri. Wina amafuna okupsa chifukwa makasitomala ake ndi ophika nsima ya malonda. Ndiponso mtengo umasintha m'mawa womwewo, malole a alimi akachuluka umatsika dzuwa likamatuluka. Ukandibweretsera bokosi n'kunena mtengo, ndidzadziwa bwanji kuti sunawonjezere? Tidzadana pa sabata imodzi. Ena a ife timatenganso pangongole kwa munthu amene timadziwana naye zaka zambiri, iwe sangakupatse.

Chimene tikufuna ife n'chakuti tikagula tokha, wina atichotsere mtolo. Nyamula basi.

Ndipo amalume, ndi ulemu wonse, masamu anu ali ndi bowo. Kanta silowa pakati pomwe timagulira m'mawa, mukudziwa inu mmene mumadzazira. Wawilibala woyamba uja adzafunikabe kuti bokosi lifike pagalimoto. Ndiye K5 imeneyo sinachoke. Mwanayu akutichotsera K15 yokha, ya kondakitala ndi ya wilibala yachiwiri. Akati K18, ine ndikulipira K23 m'malo mwa K20.

MalumeWaKuSoweto
Mwandigwira mayi, ndavomera. Ndinawerenga ngati mwini galimoto, osati ngati mwini bokosi. Pa K15, kuti abweze K430 afunika mabokosi 29. Pamenepo mpata wachepa kwambiri.

Komabe ndinene ichi. Ngati matimati afika osaphwanyika, mayi akupulumutsa K10 kapena K15 pa bokosi. K18 ikadali yomukomera.

MayiWaMatimati
Pakope ikukoma. Koma ndalama imene ndikutulutsa m'chitenje ndimaiona, matimati amene sanaphwanyike sindiwawerenga. Ayambe ndi K15, tione ndi maso kaye, akweze pambuyo.

DalaivalaWaKanta
Ndiwonjezereko za kumbali yathu. Chimene chimapha ntchito yotereyi ndi kudikira. Mayi woyamba wamaliza kugula 5 koloko, womaliza akudikira mtengo utsike mpaka 7 koloko. Ine ndikaima maola awiri ndataya ulendo wina, ndiye ndidzakuuzani muwonjezere. Ikani nthawi yonyamukira ndipo musaisinthe ngakhale wochedwayo akhale azakhali anu. Lembani chizindikiro pa bokosi lililonse, choko kapena kansalu ka mtundu wakewake, chifukwa mabokosi amafanana onse. Amayiwo asakwere kumbuyo pamwamba pa katundu, apolisi apamsewu akakuimitsani phindu la sabata latha, ndipo n'zoopsa. Akwere minibasi manja ali lende. Muganizirenso za Januwale ndi Febuluwale, misewu ina yolowa m'misika ya m'komboni imakhala matope okhaokha, galimoto imaima patali, wilibala yachiwiri ija yabwereranso.

KabazaWaMzinda
Mutu wonsewu chifukwa cha K100 patsiku? Ine ndikuonabe sola ndi yosavuta. Umakhala pakhomo, anthu akubwera okha.

WaPaMatero
Kusiyana kwake n'koti iye akayesa n'kulephera wataya mazana ochepa. Ine ndinamangirira K3,600 pa zitsulo ndisanadziwe kuti anthu akhala nane miyezi ingati.

MwanaWaKatete
Masabata awiri atha, ndabwera ndi zotsatira. Ndinapeza kanta ya K350, ndinaika K15 pa bokosi, nthawi yonyamuka 6:30. Aliyense ndinamupatsa kansalu ka mtundu wake.

Mabokosi anayenda motere: 19, 26, 31, 22, 33, 34. Onse pamodzi 165, ndalama K2,475. Maulendo asanu ndi limodzi anadya K2,580. Ndaluza K105.

Tsiku loyamba anabwera amayi asanu ndi awiri okha, enawo ankafuna aone kaye ngati katundu afikadi. Tsiku la mabokosi 22 lija mtengo wa matimati unakwera ku Soweto, aliyense anachepetsa, amene amagula mabokosi atatu anagula awiri. Chimenechi sindinachiganizire, kuti matimati akadula mabokosi anga amachepa koma kanta mtengo wake ndi womwewo. Masiku awiri omaliza anawonjezekera amayi awiri a msika wina waung'ono umene uli panjira, anamva kwa anzawo. Sindinawaitane ine.

Zovuta zina ndi izi. Amayi atatu amati alipira madzulo akagulitsa, chifukwa m'mawa ndalama yonse yathera pa katundu. Awiri amalipiradi, mmodzi ali ndi ngongole ya K90 ndipo ndimapemphera naye tchalitchi chimodzi. Mu K2,475 ija ndaiwerengeramo, ndiye ikapanda kubwera ndaluza K195. Lachitatu lina mayi mmodzi anachedwa, tinamusiya monga anatilangizira adalaivala, sanandilankhule masiku awiri, koma Lachisanu anafika nthawi yake.

Chokoma n'chakuti palibe wadandaula za matimati ophwanyika, ndipo a anyezi, kabichi ndi mbatatesi ayamba kufunsa mtengo wa thumba. Dalaivala akuti ndikamutsimikizira mwezi wonse atsitsa kufika K300. Pamenepo ulendo udya K380, ndipo mabokosi 26 akwanira kubweza. Ndipitirize?

MalumeWaKuSoweto
Pitiriza mwezi umodzi. Usayang'ane K105, yang'ana mmene manambala akuyendera. Maulendo atatu oyamba mabokosi 76, atatu omaliza 89, ngakhale muli tsiku loipa lija. Ndipo anthu awiri abwera okha osaitanidwa, chizindikiro choposa chimenecho ine sindichidziwa. Tenga anyezi ndi mbatatesi, chifukwa mitengo yake sikwera tsiku limodzi ndi matimati, zidzakudzazira galimoto masiku oipa. Matumba pansi ndi kutsogolo, mabokosi pambali pake, thumba lisagone pa matimati. Za ngongole, amene walipira madzulo kawiri mosalephera apitirize. Wa K90 uja bokosi lake lisakwere mpaka atamaliza, ndipo umuuze pamaso pa azakhali ako kuti zisaoneke ngati chidani.

DalaivalaWaKanta
Ndinene chimene anzanga sanganene. Dalaivala wanuyo tsopano akudziwa malo, nthawi, mtengo ndi nkhope za amayi onse. Akuona kuti tsiku la mabokosi 34 mwalandira K510 iye n'kupatsidwa K350. Chimuletsa n'chiyani kuwauza amayiwo kuti azimulipira yekha K12?

MayiWaMatimati
Chimuletsa ndi ife. Dalaivala sadzatiimbira foni usiku kufunsa kuti mawa mupita, sadzatidikira mpaka madzulo kuti tilipire, ndipo bokosi likasowa adzati sanalione. Ife timalipira munthu woti tikamugwire pakavuta.

NaBanda_Kanyama
Mayi, pa K3 pa bokosi ena adzapita ndithu. Ndinaziona ine. Mwanayu akhale ndi manambala a madalaivala awiri kapena atatu, asadalire mmodzi, ndipo ndalama azitolera yekha, dalaivala asagwireko.

MphunzitsiWaMtendere
Funso langa ndi lina. Anyamata a wilibala a ku Chawama aja ataya K5 pa bokosi lililonse, mabokosi 30 ndi K150 m'mawa umodzi. Simukuopa kuti adzakuvutitsani? Nawonso ali ndi ana. Ndipo a komiti ya msika mwawauza?

MwanaWaKatete
Aphunzitsi, mwakhudza pomwe pakundisowetsa tulo. Mnyamata wokweza ndi kutsitsa ndinatenga mmodzi wa iwo, koma analipo atatu. Awiri otsalawo sanandinene chilichonse, amangondiyang'ana galimoto ikafika. Ndikuganiza zoti azisinthana, wina Lolemba, wina Lachitatu, wina Lachisanu, koma K50 pasabata si yofanana ndi imene ankapeza. A komiti ndinawauza tcheyamani, anavomera pakamwa, akuti ndikapitiriza tidzakambirane za malo oimika galimoto.

Ndavomera K300 ya mwezi umodzi, tiyamba Lolemba. Amalume, thumba lalikulu la kabichi limatenga malo a mabokosi angati? Sindikudziwa kuti ndiwauze zingati.

MalumeWaKuSoweto
Ine ndimaliwerengera ngati mabokosi awiri, nthawi zina atatu akalisokera mutu pamwamba. Usatchule mtengo usanalione. Ndipo funsa kaye kuti kondakitala amawalipiritsa zingati pa thumba lomwelo.

MayiWaMatimati
Kabichi kondakitala ambiri amakaniratu, amayi amachita kusonkherana takisi. Afunse a kabichiwo kuti Lachisanu lapitali anafika nayo bwanji.